Mzere wa 117

Petronella Tembo anapatsidwa desiki ya ba Norbert patangopita milungu iwiri chiwaikire m'manda. Desikiyo inali pakona, pafupi ndi windo loyang'ana mtengo wa mapeyala, m'nyumba ina ya ku Woodlands imene bungwe lawo linaisandutsa ofesi. Anapatsidwanso kompyuta yawo ndi ntchito yawo.

Ntchitoyo inkabwera masiku khumi alionse. Ankatsitsa rasita ya mvula, chithunzi cha dziko lonse chochokera ku setilaiti, chogawidwa m'timabokosi ta makilomita pafupifupi asanu mbali iliyonse. Kabokosi kalikonse kanali ndi nambala yake ya mamilimita a mvula. Pamwamba pake ankaikapo fayilo ya malire a maboma, ndipo kompyuta inkasonkhanitsa timabokosi togwera m'boma lililonse nkutulutsa manambala anayi: kuchuluka kwa timabokosi, avareji, nambala yotsikitsitsa ndi yokweretsetsa. Pa ofesipo ankangoti zono. Boma limene mvula yake yatsika kusafika pa 75 peresenti ya mvula ya zaka zonse linkalembedwa pa mndandanda, ndipo ndi kumeneko kumene ankatumiza anthu kukaona minda.

Lachiwiri lina mu Febuluwale, cha m'ma leveni koloko m'mawa, magetsi anathima kompyuta itangomaliza kuwerengera. Jenereta italira, Petronella anaopa kuti mwina zina zaduka panjira. Nthawi zonse ankangoyang'ana tebulo la lipoti, limene linkadzaza lokha potsata nambala ya boma. Tsikuli anatsegula tebulo lenileni limene zono inatulutsa, natsika nalo mpaka pansi.

Maboma alipo 116. Tebulolo linali ndi mizere 117.

Mzere womalizawo unalibe dzina, unalibe nambala ya boma, nchifukwa chake sunkafika mu lipoti miyezi yonseyi. Timabokosi 14. Mvula kuyambira Disembala: 29 peresenti ya zaka zonse.

Anadina mzerewo, mapu nkumutengera kum'mawa. Mkati mwa boma lina lalikulu munali kamalire kena kakang'ono, kosanjikizidwa pamwamba pa bomalo. Malire a maboma amakhotakhota motsata mitsinje ndi mapiri. Awa anali owongoka, okhota ngati masitepe, otsata m'mphepete mwa timabokosi ta rasita ndendende. Mkati mwake timabokosi tonse 14 tinali tofiira. Kunja kwake, ngakhale kamodzi kofiira kunalibe.

Anapita kukagogoda kwa ba Ng'andu, mkulu wa ofesiyo, bambo wamtali amene sankakonda kuyimirira pachabe.

"Ba Ng'andu, bwelani muoneko chintu."

"Nichani futi? Lipoti ifunika pa Fraide."

"Bwelani chabe."

Anabwera, nawerama kumbuyo kwake, magalasi ali pamphumi.

"Iyo ni NoData," anatero, kutanthauza timabokosi topanda muyezo timene kompyuta imalembamo -9999. "Ma minus naini naini naini naini yangena mu avareji. Vimachitika."

"Nachekinga. Yotsikitsitsa ni 24, yokwela ni 35 peresenti. Kulibe minus."

"Nanga projekishoni? Kapena mapu yabili siyagwilizana, malile yasendelela."

"Vonse vili pa imozi. Onani malile ya dziko, yakhala bwino pa rasita."

"Nanga distrikiti yeve ili pa zingati?"

"84. Timabokosi 203. Utu 14 twamila mu avareji, so siingene pa listi."

Ba Ng'andu anatsitsa magalasi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe unadrowinga aka?"

"Awe. Fayilo ni ya ba Norbert. Sininaigwilepo."

"Norbert anamwalila mu Ogasiti. Mvula inali isanayambe."

Panja jenereta inkangolira, ndipo peyala linagwa padenga la malata, onse awiri nkudzidzimuka.

Masana amenewo Petronella sanadye. Anapempha Salifyanji, mayi woyang'anira makompyuta a pa ofesipo, kuti amutulutsire mafayilo akale osungidwa pa seva. Anatsegula kope la mu Meyi: mizere 116. La mu Juni: 116. La pa 19 Julayi: 117, kamalire komweko, masitepe omwewo. Pa tsikulo ba Norbert anali akubwerabe ku ntchito, atawonda, akumwa madzi otentha okha.

Anadziuza kuti mwina ndi dera louma chaka chilichonse, ndipo ba Norbert ankalidziwa. Anatenga marasita a zaka makumi awiri zapitazo nkuwerengera kamalireko chaka ndi chaka. Chaka chilichonse kankayendera limodzi ndi boma lake, kusiyana kwake pang'ono chabe. Zaka za chilala kankauma ndi anzake, zaka za mvula kankanyowa ndi anzake. Chaka chino chokha.

Anadziuzanso kuti setilaiti imalakwitsa. Siyeza mvula ndi chikho, imayerekeza poona kuzizira kwa mitambo, ndipo kumeneko malo oyezera mvula pansi ndi otalikirana. Choncho anatsitsa rasita ina, ya kubiriwira kwa zomera, yochokera ku setilaiti ina, ya timabokosi tating'ono ta mamita 250. Avareji ya boma inali 0.61. Ya kamalireko inali 0.27, nambala imene ankaiona mu Okutobala, tchire litapsa. Atayang'ana chithunzicho anaona chigamba chotuwa pakati pa zobiriwira, ndipo chinakhala m'kati mwa mzere wa ba Norbert ngati phazi mu nsapato.

Anachotsa dzanja pa mausi. Mpando umene anakhalapo unali utafwifwa mbali imodzi, mmene mwini wake ankatsamira, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kuti nayenso watsamira mbali yomweyo.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku Kabwata, kumafulati kumene kunkakhala amayi Regina Mwanza, mkazi wa malemuyo. Anawapeza akuchokera ku Misa ya m'mawa, korona ili m'manja. Anamulowetsa m'chipinda chochezera momwe makatani anali otseka.

"Amai, pepani kukuvutani. Nifuna kufunsako za nchito ya batate."

"Funsa mwanangu, koma ine vamakompyuta siniziba."

Petronella anawaonetsa mapu amene anasindikiza, natchula dzina la bomalo.

"Kapena ndiye kwanu uku? Kapena kuli abululu, abale anu?"

"Iyayi. Ise tonse ndise a ku Katete. Uko sitinapondeko. Na yeve, zaka sate tili pamozi, sanakambepo za uko."

Mayiwo anagwira pepalalo pafupi ndi maso. Kenaka analiika patebulo mofulumira, napukuta zala pachitenje.

"Ichi nachiziba," anatero motsitsa mawu.

Analowa kuchipinda nabwera ndi envulopu ya ku chipatala, ya zotsatira za magazi. Kumbuyo kwake kunali chojambula cha bolopeni: masitepe omwewo, obwerezedwa kangapo mpaka pepala kuboola.

"Masiku yotsiliza enzolemba ichi paliponse. Pa nyuzipepala, pa bokosi ya mankhwala. Nikamufunsa ati, 'Regina, avareji ibisa bantu.' Nenze kuganiza ati ni matenda yakamba."

"Sananene kuti anachiona kuti?"

"Anakamba chabe ati akatseka menso achiona. Ati kuli zii, kulibe na nkhuku yolila."

Petronella anatuluka m'fulatimo dzuwa likuswa mtengo, nabwerera ku ofesi.

Kwa ba Ng'andu sanatchule za envulopu. Anawaikira patebulo manambala okha: kamalireko, zaka makumi awiri, ndi rasita ya zomera.

"Siningatume motoka chifukwa cha poligoni ilibe zina," anatero mkuluyo, akuloza kamalire kopanda dzinako. "Bakanifunsa ku miting'i nizakamba chani? Ati munthu wakufa ndiye anatiuza?"

"Musakambe za yeve. Lekani nichite zono pa mawadi m'malo mwa madistrikiti. Malile ya mawadi ni yovomelezeka."

Anamulola. Mawadi ndi aang'ono, ena timabokosi ta mvula tosakwana asanu, choncho anauza kompyuta kuti kabokosi kodulidwa ndi malire kaziwerengedwa molingana ndi gawo lake logwera mkati. Mawadi awiri a m'bomalo anatuluka pa 41 ndi 48 peresenti. Ba Ng'andu anasaina, ndipo Lolemba Morris Kabamba, amene ankayendera minda, ananyamuka ndi dalaivala.

Anabwerako Loweruka, koma Petronella anamuona Lolemba linalo. Morris, amene nthawi zonse ankalowa ndi phokoso, anakoka mpando mwakachetechete nakhala pafupi naye.

"Petro, tinayenda mu minda ya chimanga, milisi yaitali kupambana motoka. Taoloka kamulonga kamozi chabe, vonse vasila. Milisi yafika chabe mu maondo, yauma, ukaigwila ipwanyika. Bantu baona mitambo ibwela, yafika pa kamulonga, yapatuka. Kuchokela pa Khrisimasi."

"Bantu bali bwanji?"

"Badya kamozi pa siku. Vitsime viwili vauma. Pa kiliniki tinapeza bana seveni bovimba mendo. Sisita ati analemba ku distrikiti, bamuyankha ati distrikiti ili bwino, onani lipoti." Anayang'ana pansi. "Lipoti yatu."

"Unafunsako za ba Norbert?"

"Nenze na foto yao mu foni. Kulibe wamene abaziba. Koma Petro, nenze na GPS, na poligoni yako mukati. Pamene milisi yauma, na mzele pamene apo. Sininagone bwino kuchokela siku ija."

Chimanga chothandizira chinafika m'mawadi awiriwo kumayambiriro kwa Epulo. Mwa ana asanu ndi awiri aja, asanu ndi mmodzi anachira. Kuyambira mwezi umenewo lipoti la ofesiyo linayamba kuonetsa nambala yotsikitsitsa pambali pa avareji, ndiponso tebulo la mawadi. Pa msonkhano ba Ng'andu ananena kuti anali maganizo a Petronella, ndipo iye sanatsutse.

Mu Meyi Salifyanji ankachotsa mafayilo akale pa seva. Anaima pa desiki ya Petronella.

"Muli foda ina ya ba Norbert, ilibe zina. Muli kafayilo kamozi chabe. Nifute?"

Petronella anaitsegula. Inasungidwa pa 2 Ogasiti, tsiku lomaliza malemuyo kubwera ku ntchito. Munali kamalire kamodzi, ka masitepe, kakakulu kuposa koyamba kaja, timabokosi 31, kumadzulo kwa dziko. Anakawerengera pomwepo. Mvula 97 peresenti, zomera zobiriwira bwino.

"Usafute," anatero.

Anauza ba Ng'andu. Mkuluyo anayang'ana pa sikirini, napempha kuti atseke chitseko, nati aziwerengera kamalireko nthawi iliyonse koma asakalembe mu lipoti. Tsopano papita nyengo ya mvula imodzi yathunthu, ndipo kumeneko anakolola bwino. Petronella anasamutsa desiki yake kuchoka pakona, anasinthanso mpando. Masiku khumi akakwana amatsitsa rasita yatsopano, amachita maboma, amachita mawadi, kenaka amaitana Morris kuti adzaime pambali pake asanatsegule fayilo inayo.