Zilembo Zitatu za Modester

Modester atabwerako kokadwazika mayi ake, anapeza lipoti litatha kulembedwa, dzina lake mulibe. Chaputala chachinayi, chonena za malo otsetsereka a ku Sadzi amene angagumuke mvula ikachuluka, chinali ndi dzina la Yesaya, mnzake wa pantchito. Yesaya yemwe uja wa nsapato zonyezimira, amene Modester akamakwera phiri la Zomba kukakumba dothi, iye ankatsala m'galimoto kumadya mabulosi ogula kwa anthu a m'mbali mwa msewu.

Anapita kwa a Alufandika, mkulu wa kabungwe kawo kofufuza za nthaka ndi madzi.

"Yesaya wati munangomusiyira manambala, kulemba walemba yekha," anatero a Alufandika, maso ali pa foni. "Tisakangane, mayi. Yatsala ntchito ya matanthauzo a mawu ndi mndandanda wa zidule. Tengani imeneyo."

Ntchito imene aliyense mu ofesimo ankaithawa! Modester anamva mtima kuwira ngati ketulo, koma anangoti, "Chabwino, bwana." Analumbira chamumtima kuti dzina lake libwerera pachaputala chija lipoti lisanapite kosindikiza.

Lipotilo linali buku lonenepa la Chingerezi, ndipo oliwerenga anali makhansala atsopano ndi makomiti a m'madera, anthu amene sanakhalepo pamisonkhano ya akatswiri. Modester analiyamba tsamba loyamba. Paliponse pamene zilembo zazikulu zaunjikana, ankatola. Chidule chimene chapezeka kamodzi kapena kawiri kokha ankachichotsa n'kulemba mawu onse. Chotsala chilichonse ankaonetsetsa kuti chalembedwa mokwanira pamene chayamba kuonekera m'chaputala, kenako n'kuchiika pamndandanda wa kutsogolo motsata alifabeti. Mawu ovuta ankapita kumapeto kwa buku, lililonse ndi tanthauzo lake lalifupi. Anapeza kuti mtsinje umodzi wa madzi apansi olemba atatu anautchula mayina atatu. Anasankha limodzi, ena awiriwo anawapha.

Atafika pachaputala chachinayi anaima. SRC 1, SRC 2, SRC 3. Zilembo zakezake, mlingo wa kuopsa kwa malo otsetsereka umene anaupanga yekha. Zinali ponseponse, m'matebulo ndi pamapu, koma panalibe ndime yofotokoza chimene chimachititsa malo kukhala 2 kapena 3. Ndime imeneyo anali asanailembe pamene foni ya kumudzi yonena za matenda a mayi ake inalira. Wakuba uja anaba mbuzi, chingwe n'kusiya.

Tsono ofesiyo inali ndi malamulo awiri amene a Alufandika ankawanyadira. Loyamba: wosonkhanitsa matanthauzo sapeka tanthauzo, amafunsa mwini chaputala. Lachiwiri: lipoti lisanasindikizidwe, munthu amene sanalionepo aliwerenge pamaso pa olemba. Modester anatumiza mawu opempha matanthauzo kwa olemba onse. Kwa Yesaya anatumiza ndi moni womwe.

Masana, Yesaya anamupeza pansi pa mtengo wa jakaranda akudya chinangwa.

"Achemwali, ka SRC kaja, tangolembani inuyo. Mukukadziwa kale."

"Ine? Ine ndimangosiya manambala, achimwene. Olemba ndinu."

"Aaa, zakale zimenezo. Tiyeni ndikakugulireni chipisi."

"Chipisi chanucho kadyeni ndi mabulosi. Tanthauzo ndikulifuna Lachinayi."

Linabweradi. Yesaya analemba kuti SRC 3 ndi malo a m'gulu lachitatu la SRC. Modester anaseka mpaka kutsamwa. Tanthauzo loluma mchira wake ngati galu! Pantchito yake ankayenera kulibweza, ndipo analibwezadi, kalata yake n'kuitumizanso kwa a Alufandika, amene Modester ankadziwa kuti sawerenga makalata. Yesaya anawonjezera mawu awiri okha: otsetsereka kwambiri. Modester analiika momwemo, osasintha ndi kadontho komwe.

Wowerenga watsopano anamusankha yekha: mayi Zuleka, wapampando wa komiti ya chitukuko ku Sadzi, mphunzitsi wopuma amene sankalola mwana kudumpha mawu. Anabwera m'mawa wa Lolemba, magalasi ali pamphuno, chala chili pamzere. Machaputala atatu oyamba anadutsa bwinobwino. Akakumana ndi chidule ankabwerera kutsogolo, akakumana ndi liwu lovuta ankapita kumapeto, n'kugwedeza mutu.

Pamapu a chaputala chachinayi chala chinaima.

"Nyumba yanga ndi iyi. Mwaipaka zofiira, mwati SRC 3." Anatsegula kumapeto, anawerenga, anavula magalasi. "Ichi walemba ndani?"

"Ndine, amayi," anatero Yesaya.

"Mwanawe, ine ndafunsa kuti nkhuku n'chiyani, iwe wandiyankha kuti ndi nkhuku. Mwati otsetsereka kwambiri. Nanga kwa a Faruk, kumtunda kwathu, kumene ngakhale mbuzi imakwera chopemphera, bwanji mwalembako 2?"

"Mwina mapu analakwika pang'ono, amayi. Tikonza. Kwa a Faruk kukhale 3, kwanuko 2."

Modester anali atakonzeka kukhala chete mpaka Yesaya atamira yense. Koma mawu amenewo anamubaya. Anakumbukira dzenje limene anakumba kuseri kwa khitchini ya mayi Zuleka, fosholo ikugunda mwala asanafike ndi m'bondo momwe, madzi akutuluka m'mbali. Mayiyu akanapita kwawo atauzidwa kuti ndi 2, akanagona tulo m'nyumba ija dzinja lonse.

"Mapu asakhudzidwe!" Modester anamenya tebulo. "Mapu ali bwino."

A Alufandika anaika foni pansi. "Tafotokozani, a Modester."

"Lamulo ndi lanu, bwana. Tanthauzo amapereka ndi mwini chaputala. Mwini chaputala ndani?"

Yesaya anayang'ana nsapato zake.

"Achimwene, bwana akudikira. Amayi akudikira. Mvula nayo sichedwa. Analemba chaputalachi ndani?"

"Tinathandizana..."

"Ndani?"

"Inuyo."

"Kwezani mawu, amayi avula magalasi, mwina sakumva bwino."

"Analemba ndi a Modester," anatero Yesaya, thukuta likutsika m'khosi. "Ine ndinangosanja matebulo."

Apo Modester anatembenukira kwa mayi Zuleka, mawu atafewa. "Amayi, kutsetsereka pakokha sikukwanira. SRC 3 ndi malo otsetsereka amene dothi lake ndi lochepa, lakhala pamwamba pa thanthwe, ndipo madzi amatumphuka pansi mvula ikagwa. Dothi lotere likakhuta madzi limatereka lonse. Kwa a Faruk ndi kotsetsereka, inde, koma dothi ndi lakuya, madzi satumphuka, mitengo ilipo. Kwanu kuli zitatu zonsezo."

Mayi Zuleka anavalanso magalasi. "N'chifukwa chake khitchini yanga siuma," anatero. "Lembani mmene mwanenamo. Pamzere wathu tilipo mabanja ambiri, ndikawawerengere."

Modester anakoka laputopu. Analemba matanthauzo atatu, la 1, la 2 ndi la 3, mayi Zuleka akuwerenga pambali, akukana liwu lililonse limene likanafunanso tanthauzo lina. Kenako anatsegula tsamba loyamba la chaputala chachinayi.

"Bwana?"

A Alufandika anakanda chibwano. "Mwina tiike mayina onse awiri, pofuna mtendere..."

"Mtendere unali pamene ndinali kuchipatala ndi mayi anga."

A Alufandika anayang'ana mayi Zuleka, amene nawo anawayang'ana ngati mwana wobwera mochedwa m'kalasi. "Konzani," anatero.

Modester anatembenuza laputopu n'kuikankhira kwa Yesaya.

"Fufutani nokha. Munalemba nokha."

Yesaya anafufuta dzina lake, chilembo chimodzichimodzi. Atayamba kulemba la Modester, mwiniwakeyo anaimirira kumbuyo kwake, manja m'chiuno, kuonetsetsa kuti latha lonse.