Njinga ya Rajabu

Gregorio wa ku Nachisaka analumbira pa Lachitatu la Phulusa, m'chaka cha 1976, kuti mowa wasiya. Analumbira pamaso pa abambo mfumu ndi pamaso pa mkazi wake Margareta, mayi wa kolona m'khosi amene sakonda kubwereza mawu. Mpingo unakondwa mpaka kumupatsa makiyi a tchalitchi chaching'ono cha m'mudzimo.

Lumbirolo linapirira mpaka mwezi wa Juni. Tsiku lina mwezi umenewo Gregorio anagulitsa mtedza kumsika, nati angodutsira kuseri kwa masitolo akapereke moni kwa mayi wina wotcheza kachasu. Moni wake, abale inu, unatha dzuwa litapendeka! Anatuluka ali dzandidzandi, njinga yake yatsopano n'kuiiwala pamtengo wa mango. Pakhonde la sitolo ya Rajabu anaona njinga ina, chiphapha chomangamanga ndi malegeni, nakwera. Rajabu anatuluka akukuwa, nagwira keliyala. Gregorio anasolola pampu, namuphwanya nayo pakamwa, akufuula kuti, "Wakuba! Wakuba!" Dzino la Rajabu linagwa, ndipo njinga inakagona ku Nachisaka.

Apolisi anamutsegulira milandu iwiri, wakuba ndi womenya munthu mpaka kumuvulaza. Atamutulutsa pa belo, kunyumba anangonena kuti ndi mabodza a anthu ansanje.

Madzulo ake anazembera kwa Enoki, amene kale anali mesenjala pakhoti la pa boma ku Dowa. Enoki anaphunzira malamulo ataima pakhomo, ndiye ankawadziwa theka lokha, koma theka limenelo ankalinena ngati buku lonse.

"Achimwene, nkhani yake ndi yaing'ono iyi," anatero Enoki. "Mukakafika, kanenetseni kuti munali mutaledzera. Woledzera alibe mlandu. Yonse iwiri ithera pomwepo."

"Ndinene kuti ndinamwa? Pamaso pa mkazi wanga, amake Tereza?"

"Nanga mufuna chiyani? Wakuba amapita kundende."

Gregorio anachita mantha. Ndende ankaiopa, dzina lakuti mbava ankaliopa koposa, pakuti munthu wosunga makiyi a tchalitchi sangadzukenso nalo. Koma Margareta ankamuopa kuposa zonsezo. Anaganiza zopulumutsa zonse ziwiri, ataiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza. Rajabu anafotokoza mbali yake, mawu akutulukira pagweru. Itafika nthawi ya Gregorio, anaimirira mu jekete yake ya pa Pasaka.

"Bwana, ine mowa ndinasiya. Tsiku limenelo ndinali bwinobwino."

Majisitireti, bambo wa imvi wolankhula modekha, anaika cholembera pansi. "Inu mulibe loya, ndiye ndikuthandizeni kumva. Kuti munthu akhale wakuba, boma liyenera kuonetsa kuti anatenga chinthu cha mwini mwachinyengo, ndi cholinga chomulanda mpaka kalekale. Ndiye ndikufunseni: munkadziwa kuti njingayo si yanu?"

"Yanga ndimaidziwa bwino, bwana. Ili ndi belu."

"Ndipo munali ndi nzeru zanu zonse?"

"Zonse, bwana."

Wapolisi woimira boma anamwetulira ngati munthu amene ena amulimira munda. Kumbuyo Enoki anagwira mutu.

"Muli ndi mboni?"

"Mayi akunyumba, bwana. Anene okha kuti ine sindimwa."

Ha! Munthu kudzitchera yekha msampha. Margareta anabwera, nagwira Baibulo, nalumbira. Sanamuyang'ane n'komwe mwamuna wake.

"Bwana, bambo awa anafika kunyumba ali thapsa. Anagwa ndi njinga yomwe m'khola la mbuzi, n'kuyamba kupereka moni kwa tonde, akumutchula kuti akatekisiti. Njingayo anaipukuta ndi mpango wanga, akuilirira kuti yawonda bwanji tsiku limodzi. Kutacha ndinapita ndekha kuseri kwa masitolo, ndinakapeza yathu ili pamtengo wa mango. Ya a Rajabu ndimati ndikabweze, apolisi anandipeza nayo panjira. Tandiuzani, bwana, ndi mbava yanji imene imasiya njinga yatsopano n'kutenga chiphapha?"

"Chiphapha ayi!" anatero Rajabu, koma mawu ake anamira m'phwete la anthu.

Manyazi anamugwira Gregorio mpaka anafuna nthaka itseguke. Koma ataona kuti zaululika, anakumbukira mawu a Enoki, nati bola apindule nazo.

"Bwana, ndikonzeko mawu anga. Ndinamwa. Ndinamwadi! Mabotolo atatu, mwina anayi. Sindinkadziwa kumwamba kapena pansi."

"Alipo anakukakamizani, kapena kukuthirirani mu thobwa inu osadziwa?"

"Ayi, bwana, ine sandikakamiza. Ndinamwa ndekha, ndi manja angawa."

"Ndipo a Rajabu munawamenya?"

"Kwambiri, bwana! Koma si ine, ndi mowa." Anacheuka natsinzinira Enoki diso.

Majisitireti analemba kwa kanthawi, kenaka anadzutsa mutu.

"Pa mlandu wakuba, lamulo likundiuza kuti ndiganizire kuledzera kwanu, kuti ndione ngati cholinga chija chinalipo m'mutu mwanu. Woledzera akhoza kuba ndithu, ndipo ambiri ndawamanga. Koma inu munasiya yatsopano, n'kumakuwa kuti wakuba pamene wakwera njinga ndinu. Boma lalephera kundikhutiritsa kuti munkadziwa kuti ndi ya mwini. Mlandu umenewo mulibe."

Gregorio anayamba kuvala chipewa.

"Vulani chipewa, sitinathe. Mlandu womenya munthu ndi wa mtundu wina. Sufuna cholinga chapadera chonga chija. Ndi wokwanira kuti munatukula pampu n'kumenya, mwadala kapena mosasamala za mnzanu. Munthu amene wamwa yekha mwa kufuna kwake sangabisale kumbuyo kwa botolo pa mlandu wotere. Ngakhale ganizo lija lakuti mukuteteza njinga yanu linachokera m'botolo momwemo, ndiye silikuthandizani. Ndakupezani wolakwa."

"Koma bwana, a Enoki anati..."

Anthu onse anacheuka. Pamene panakhala Enoki panali chipewa chokha.

Poti kanali koyamba, Gregorio sanapite kundende. Anamulamula kupereka faindi ndi chipepeso cha dzino la Rajabu, ndipo Margareta anati agulitsa tonde uja.

Panja anthu ankamuloza, akuseka. Makiyi a tchalitchi ankamulemera m'thumba, podziwa kuti Lamulungu akawabweza. Margareta anali ataima pamthunzi, atagwira njinga yatsopano ija. Gregorio anafika mutu uli pansi.

"Amake Tereza, ndakuchititsani manyazi. Ndiye munkadziwa chiyambire?"

"Fungo la kachasu ndingalisokoneze ndi lubani? Ndimadikira kuti munene nokha."

"Nanga bwanji mwandiyalutsa pagulu?"

Margareta anamangitsa chitenje chake. "Ukazi wa chidakwa ndaugwira zaka makumi awiri, ndikuudziwa kayendetsedwe kake. Ukazi wa mbava sindinauphunzire, ndipo sindiyamba lero ndi imvi zangazi."

Misozi inalengeza m'maso mwa Gregorio. Anatambasula dzanja kuti agwire chiwongolero, amukweze mkazi wake pakeliyala monga kale.

"Chotsani dzanjalo," anatero Margareta. "Munthu wosazindikira njinga yake ayende pansi."

Anakwera, naliza belu kawiri, natsetsereka phiri la pa boma. Gregorio anatsatira m'fumbi lake, jekete ili paphewa.