Diresi la Buluu la Maluwa Achikasu

Ine sindikhulupirira anthu a makompyuta. Amadina kawiri, n'kukuuza kuti zatheka, iwe osaona chimene achita.

Koma akazi anga anayamba kuiwala. Anayamba ndi makiyi, kenaka masiku, kenaka mayina a zidzukulu. Chimene sanaiwale ndi diresi la buluu la maluwa achikasu limene anasoka okha chaka chimene tinakwatirana. Ankalifuna m'sutikesi m'mawa uliwonse, pomwe linatha kalekale.

Chithunzi chake tili nacho chimodzi, chopachika pamwamba pa wailesi. Dzuwa la pazenera linachidya, diresi n'kusanduka lofiirira ngati dzimbiri. Ndikawaonetsa ankachikankha.

"Mayi ameneyu ndi ndani? Langa linali la buluu."

Adokotala anati zinthu zakale zimathandiza. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: adzione pachithunzipo, adzizindikire.

Mkamwini wanga, amene amadziwa zonse, anati achikonza pafoni. Anapaka buluu ngati akupenta chitseko. Maluwa onse anafafanizika, makwinya a nsalu osaonekanso, chala chimodzi cha akazi anga n'kukhalanso cha buluu.

"Chawala, eti bambo?"

Mawa lake ndinakulunga chithunzicho m'nyuzipepala, ulendo ku situdiyo ya pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Munali kachipinda kopapatiza, nsalu yoyera pakhoma, fani yolira ngati ikudwala. Wojambula anali mayi wa magalasi, pensulo atabaya m'tsitsi. Ndinamufotokozera za diresilo ndi mitundu yake.

"Chisiyeni, bambo, mubwere Lachitatu."

"Sindisiya. Wotchi yanga ndinaisiya kwa wokonza, mpaka lero akuikonzabe."

"Ndiye kokani mpandowo, mundilondere bwino. Ndingathawe nawo mayiwa."

Anaika chithunzi pagalasi la makina, kuwala kunadutsa pansi pake, n'kundibwezera m'manja. Akazi anga anatulukira pakompyuta, aakulu kuposa pachithunzi. Ndinamuonetsanso pafoni za mkamwini zija. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Uyu anathira penti. Pachithunzi pali zinthu ziwiri, bambo. Pali mtundu, ndiye pali kuwala ndi mthunzi. Makwinya ndi ulusi wa nsalu zimaoneka chifukwa cha kuwala ndi mthunziwo. Ine ndisintha mtundu wokha, zinazo sindizigwira."

"Onse amatero."

Anayamba kulambalala m'mphepete mwa diresi pang'onopang'ono, kusiya kunja khosi, mikono ndi mpando umene anatsamira. Kenaka anakuza chithunzi n'kuyamba kupatula maluwa, limodzilimodzi.

"Kompyuta singathe yokha zimenezo?"

"Ikanatha maluwa akanakhala osiyana kwambiri ndi nsalu. Koma apa zonse zinasuluka, zayamba kufanana. Ndikapanda kuwapatula, nawonso asanduka buluu."

Zinatenga nthawi yoposa ola. Anabwera mnyamata wofuna chithunzi cha chiphaso, anamuuza kuti adikire. Atamaliza anakoka kamzere kena pakompyutapo, diresi n'kusanduka lobiriwira, kenaka la buluu. Makwinya a pamimba anali pomwepo, mthunzi wa mkono pomwepo.

"Si ameneyo," ndinatero. "Wawalitsa ngati pulasitiki."

"Nanga anali wotani?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Pakona panali ndowa yakale yokolopera.

"Ngati ndowayo, koma wakuda pang'ono."

"Zaka zonsezi ndikugwira ntchito, lero ndikulamulidwa ndi ndowa!"

Anachepetsa ukali wa mtunduwo mpaka ndinati basi. Maluwa anawabwezera chikasu chawo paokha. Nkhope nayo anaichotsa kufiirira pang'ono, ati diresi latsopano pa munthu wosuluka limaoneka lomata.

Ndinapeza chala cha buluu? Ndinawerenga zonse khumi. Ayi ndithu.

Mayiyo anandisindikizira chithunzi chatsopanocho. Kunyumba akazi anga ndinawapeza atakhala pafupi ndi zenera, akupinda kansalu kamodzi n'kukafunyululanso. Ndinawaikira chithunzi pamiyendo. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Kenaka anaika chala paphewa la diresi.

"Onani apa. Duwa ili ladukira pamsoko. Nsalu inandiperewera, chifukwa inu munagula yochepa."

"Ine?"

"Inu amene! Kuumira kwanuko munayamba kale."

Ine duwa lodukalo sindinaliwonepo zaka zonsezi. Ndinavala magalasi, ndipo linalipodi, theka lokha.

"Ndiye mayiyu ndi ndani?" ndinafunsa.

"Mwayamba kuiwala? Ndine, bambo inu. Tapatseni mdzukulu achipachike, koma osati padzuwa."