Dzanja la a Kadzidzi

Pafakitale ya mipando ankawatchula kuti a Kadzidzi. Dzinali analipata anzawo atawasankha kuti aziwaimira m'komiti ya thumba la penshoni, ndipo amene analiyambitsa anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo, wowotcherera zitsulo, yemwe ankayembekezera kupuma pantchito chaka chotsatira. Anthu ndi otero: amakusankha kuti uziwawerengera mapepala, ukawerenga mokweza n'kukuda.

Lipoti la chaka chino analiwerengera m'kantini, patebulo la pafupi ndi sinki pomwe masiku ano ankadyera okha. Patsamba loyamba panali chithunzi cha wapampando akumwetulira, ndi mawu akuti thumba lapindula 12 pa 100. Iwo anapitirira mpaka kumasamba a zilembo zing'onozing'ono. Mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 18 pa 100. Ndiponso theka la thumba lonse linali m'masheya a fakitale yomweyi.

Tsiku la msonkhano anthu anaombera m'manja 12 uja. A Kadzidzi anaimirira.

"Anzanga, handiredi yanu yafika 112. Koma zomwe mumagula ndi handiredi chaka chatha, lero ndi 118. Pamenepa mwalemera kapena mwasauka?"

"Kwayamba kulira kadzidzi!" wina anakuwa kumbuyo, holo yonse n'kufa ndi phwete.

"Chinanso. Fakitaleyi itagwa, ntchito yapita, theka la penshoni lapitanso tsiku lomwelo. Tiuze komiti igulitseko masheyawa pang'onopang'ono, ndalamazo izimwaze kwina. Pakadafunda padajiwitsa galu."

Wowotcherera uja ndi amene anawayankha. "Achimwene, fakitale yakulererani ana, lero mukuilosera maliro?"

Atafunsa ogwirizana ndi ganizoli, dzanja linakwera limodzi. A Kadzidzi analisiya m'mwamba mpaka mlembi atamaliza kuyang'ana mizere yonse. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa anthu onsewa ankawadziwa mayina, ena mpaka ana awo.

Anthu atabalalika, iwo anatsala akusanja mipando. Kenaka anamva kukhosomola pakhomo. Anali wowotcherera, lipoti atalipinda ngati chokupizira moto, akucheukacheuka kuti asaonedwe.

"Za muja zisakukhudzeni, achimwene. Pagulu pamavuta." Anatsitsa mawu. "Tandiuzani, ine ndikamapuma, zanga zikandikwana?"

A Kadzidzi ankalakalaka mnzawoyo atabwerera patebulo la pafupi ndi sinki, ndipo ankadziwa yankho lomwe likanamubweza.

"Zikapitirira chonchi, ayi. Chaka chino chokha, mphamvu yogulira yatsika pafupifupi 5 pa 100."

Wowotcherera anagwedeza mutu nthawi yaitali, n'kuika lipotilo pampando.

"Mukanangonena kuti eya," anatero, n'kutuluka.

Mawa lake masana, a Kadzidzi anakokera mpando wachiwiri patebulo lawo, mwina mwake. Woyeretsa m'kantini anadzaubweza pamalo pake.