Ampu Yomwe Ndinaichiritsa Isakudwala

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikukonza mawailesi ndi maampulifaya, ndipo palibe munthu anabwezapo katundu kushopu kwanga n'kunena kuti mawu akusasa. Zimenezo ndimazinena popanda manyazi. Mawu akalowa oyera, atuluke oyera, basi. Amaholo a maukwati amandidziwa, a zimkuzamawu za pamisonkhano amandidziwa. Nchifukwa chake mwana wanga wachisamba atabwera ndi kabokosi kake kakuda Lachitatu m'mawa, ndinaona ngati mwayi wanga wafika woti nanenso ndimuonetse kuti bambo ake si munthu wamba.

Mtsikanayu amaimba gitala ya magetsi, nyimbo za roko, zija zomveka ngati anthu akukangana ndi malata. Anayamba ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo ine ndinkangoti zimutha. Sizinamuthe. Tsopano gulu lina lodziwika mumzinda linkafuna woimba gitala wotsogolera, ndipo anamuitana kuti Loweruka masana akamuyese. Anali atadikira mpata ngati umenewu zaka zinayi.

Kabokosiko kanali ampu, chokuzira mawu a gitala, yakalekale ya mavavu, timababu tagalasi tija timayaka mofiirira m'kati, ya mawati khumi ndi asanu okha. Anati ikung'ung'uza ngati njuchi ngakhale asanakhudze nsambo, ndipo anandipempha kuti ndichotse kung'ung'uzako kokha. Mawu oti kokha anawabwereza kawiri. Ine ndinamva, koma ndinamva ngati mmene dokotala amamvera wodwala akamamuuza mankhwala oti amulembere.

Vutolo silinali lovuta. Makapasita osefa magetsi anali atauma ndi ukalamba. Ndinawakhuthula kaye moto, chifukwa ampu ya mavavu imasunga magetsi okwana kupha munthu ngakhale utaizula kukhoma, kenaka ndinaikamo atsopano. Njuchi zija zinatha. Pamenepo ndikanatseka n'kupita kukamwa tiyi.

Koma dzanja la mmisiri limayabwa. Ndinalumikiza ampuyo ku makina anga oonetsa mawu pagalasi ngati mafunde, ndikukweza voliyumu pang'onopang'ono. Pa folo, nsonga za mafunde zinayamba kufwamphuka, kukhala zobulungira ngati mutu wa chala. Pa seveni zinali zitaphwatalala. Ndinapukusa mutu. Ndiye kuti mwana wanga wakhala akuimbira chinthu chodwala chonchi osandiuza, ine bambo ake ndili pompano? Ndinazula vavu yoyamba, yokweza mawu kwambiri, n'kuikapo ina yofatsa. Ndinawonjezanso rezisita imodzi yobweza kachigawo ka mawu kuchokera kusipika kupita m'kati, kuti ampu izidziwongola yokha. Nditayesanso, mafunde anali osalala mpaka pafupi ndi kumapeto kwa voliyumu. Ndinawayang'ana nthawi yaitali, mtima uli mbee. Vavu yakaleyo ndinaikulunga m'pepala n'kuimata kumbuyo kwa bokosi, monga ndimachitira ndi chilichonse chomwe ndachotsa mu katundu wa munthu.

Sindinamuuze. Ndinkafuna adzadabwe.

Loweruka ndinati ndimuperekeza, ati kukamunyamulira katundu. Ndinatenga chikwama changa cha zida, ndiponso ampu ina yamakono ya mathiranzisita, yopanda mavavu, ya mawati handiredi yomwe ndinapanga ndekha, poti mumtima ndinkati mawati khumi ndi asanu sangalimbane ndi ng'oma. Iye anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine cham'mbali. Anatengera mayi ake.

Gululo limayesera nyimbo m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yosungiramo matayala. Makoma anakhomamo makapeti akale, pansi pali mawaya okhaokha, ndipo fani ya kudenga inatsala ndi mapiko awiri. Mtsogoleri wawo, yemwe amaimba pakamwa, ndi mkulu wina wamtali amene anzake amangomutcha Wandevu. Wa ng'oma amamutcha Nyundo, ndipo nditaona mikono yake sindinafunse chifukwa. Panalinso wa besi, gitala ya mawu aakulu, munthu wosayankhula. Wandevu anatilandira bwino, koma ananeneratu kuti pali mnyamata wina abwera folo koloko kudzayesedwanso, ndipo malo ndi amodzi.

Mwana wanga anayatsa ampu, n'kudikira kuti mavavu afunde. Panalibe kung'ung'uza ngakhale pang'ono, ndipo anandimwetulira. Anaika voliyumu pa seveni, Nyundo anawerenga ndi timitengo take, nyimbo inayamba.

Kwa ine gitalayo inkamveka bwino kwabasi, nsambo iliyonse payokhapayokha. Koma nkhope ya mwana wanga inasintha. Anakhwapula nsambo mwamphamvu, mawu anangoti thi n'kufa pomwepo. Anakoka nsambo imodzi m'mwamba kuti ilire motalika, koma inazilala asanamalize n'kukoka komwe. Anapotokola voliyumu mpaka kumapeto, sizinathandize kwenikweni. Nyundo akamenya mbale zachitsulo za pang'oma zake, gitala inkasowa ngati mwana pamsika. Wandevu anakweza dzanja, onse analeka.

Ine, pofuna kupulumutsa zinthu, ndinati vuto ndi kuchepa kwa mawati, ndipo ndinakokera pafupi ampu yanga ya handiredi. Mwana wanga analumikiza chifukwa panalibenso china chochita. Kukwera inakwera ndithu, ngakhale osati kasanu ndi kawiri monga manambala amanamizira anthu. Kuti khutu limve kuti mawu awirikiza kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi, zimenezo ndimazidziwa. Mawu anali oyera, owuma, ngati munthu akuwerenga chidziwitso. Iye pofunafuna kusasa kuja anakweza mpaka mathiranzisita anafika pamalire ake. Thiranzisita ikafika pamalire siigonja pang'onopang'ono. Imangodula nsonga ya funde ngati ndi mpeni, ndipo chomwe chinatuluka musipika chinali ngati kung'amba lata. Wa besi, yemwe ampu yake ndi ya mathiranzisita ndipo imamutumikira bwino poti iye amafuna mawu oyera, anatseka khutu limodzi.

Wandevu anayang'ana wotchi. Ananena mwaulemu kuti zala zili bwino, koma iwo anamuitana chifukwa cha mawu omwe anamva pa kanyimbo komwe anawatumizira pafoni, mawu onona, ofunda, okalipa akafuna, ndipo lero sakuwamva.

Mwana wanga anatembenukira kwa ine n'kufunsa motsitsa mawu: "Bambo, mwaichita chiyani ampu yanga?"

Ndinamva manyazi omwe sindinawamvepo chiyambire ntchito. Ndinafotokoza pamaso pa onse kuti inkasasa kuyambira pa folo, ndiye ndinaikonza.

"Kusasako ndi komwe ndinaigulira," anatero. "Ndinaifunafuna chaka chathunthu."

Nyundo anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha analeka. Ine ndinapempha Wandevu mphindi khumi ndi zisanu. Ndinati cholakwa ndi changa, asamuweruze mwana chifukwa cha manja a bambo ake. Anakanda ndevu zake, n'kunena kuti folo koloko sinakwane.

Ndinagwada pansi, ndikuzula pulagi, ndikutsegula kumbuyo. Mavavu anali a moto, ndinachita kugwira ndi mpango. Ndinakhuthula makapasita, osathamanga, pakuti imfa siidziwa kuti munthu ali pachangu. Rezisita yanga ija, yomwe ndinaiwotcherera mokongola Lachitatu, ndinaidula ndi pulayala mbali zonse ziwiri. Ndinamatula kapepala kumbuyo kwa bokosi, n'kubwezera vavu yakale pamalo pake, ndikuonetsetsa kuti timiyendo take talowa bwino. Ndisanayatse ndinayang'ana kawiri ngati waya wa sipika uli cholumikiza, chifukwa ampu ya mavavu ukaiimbitsa popanda sipika umapsereza thiransifoma. Kenaka tonse tinangoima n'kumayang'ana timababu tikufiira.

Mwana wanga anaika voliyumu pa seveni. Sanadikire n'kuwerenga kwa Nyundo komwe.

Anayamba mofatsa, akungosisita nsambo, ndipo mawu anali pafupifupi oyera, koma okhuthala, ngati munthu akuyankhulira pachifuwa. Kenaka anakanikiza dzanja, ampu inasasa pang'ono. Anamenya mwamphamvu, inabangula. Voliyumu sanaikhudze, zonse zinkachokera m'dzanja lake lamanja. Apo m'pamene ndinamvetsa chomwe ndinaona pagalasi lija osachizindikira. Vavu ikapanikizidwa siidula mawu mwadzidzidzi, imawapinda pang'onopang'ono, n'kuwonjezapo timawu tina togwirizana ndi oyambawo. Imatsitsa kumenya koyamba kwa nsambo, mchira wa mawu n'kumamveka nthawi yaitali. Nchifukwa chake kabokosi ka mawati khumi ndi asanu, kakugwira ntchito kupitirira pomwe ine ndimati ndi malire, kankadzaza chipinda chonse.

Nyundo analowa, wa besi analowa. Ng'oma zinali zomwe zija, mikono yomwe ija, koma gitala sinasowenso. Pakati pa nyimbo Wandevu anayamba kuimba, ndipo mwana wanga anangotsitsa kachopotokola ka pagitala ndi chala chaching'ono, mawu anayera n'kumupatsa njira. Vesi itatha anakabwezera, n'kukoka nsambo ija inamukana poyamba. Inalira, n'kulirabe, mpaka ndinayamba kuwerenga mumtima. Iye anali atatsinzina, tsitsi lili kumaso, phazi limodzi pa bokosi la matayala.

Dzanja langa linanyamuka lokha kupita ku voliyumu, mwa chizolowezi cha zaka zonsezi. Ndinalibweza n'kulilowetsa m'thumba.

Anaimba nyimbo zitatu osapuma. Itatha yachitatu m'chipindamo munangomveka fani ija ikukwekweta. Wandevu anatulutsa foni, n'kutuluka panja, ndipo tinamumva akupepesa munthu wina kuti asavutike kubwera. Atalowanso anauza mwana wanga kuti amayesera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo asamachedwe. Anawonjeza kuti ampu ija isadzapitenso kuchipatala popanda mwini wake. Apa aliyense anaseka, ine ndemwe.

Mwana wanga anagwada n'kumakulunga mawaya ake. Waya umodzi anaukulunga katatu ukumasuka. Ndinkafuna kumuthandiza, koma ndinaona kuti kwa tsiku limenelo ndamuthandiza mokwanira.

Wa besi, yemwe sanatsegule pakamwa masana onse, anabwera kudzaima pambali panga. Anandifunsa ngati ndine ndinamuphunzitsa kuimba chonchi.

"Ayi," ndinatero. "Ine ndinangomubereka. Zinazo anaziphunzira yekha, ine ndili m'chipinda china kumuuza kuti atsitse."

Ndinazinena mokweza, kuti nayenso amve.