Mayi wa pa Chitseko Chakumanzere

Rabia ankapanga zithunzi zotsatsa malonda m'kasitolo kake pa Boma. Tsiku lina kunabwera a Yesaya, ogulitsa galimoto zakale, kufuna chithunzi chotsatsira galimoto yawo yofiira.

Rabia analowetsa chithunzi cha galimotoyo mu pulogalamu ya pa kompyuta yopanga zithunzi, n'kulemba malangizo. Anati galimoto ikhale ikuthamanga pa tala wonyowa, dzuwa likulowa kumanzere, penti ikunyezimira ngati kalilole. Mitengo ndi mateyala zioneke mwachimbuuzi chifukwa cha liwiro, koma galimotoyo ioneke bwinobwino.

Chithunzi chinatuluka chokongola. Koma m'kunyezimira kwa chitseko chakumanzere munali mayi wa chitenje chobiriwira ataima, pomwe pamsewupo panalibe munthu.

"Zimachitika, makinawa amawonjezera zawo," anatero Rabia.

Analemba kuti pasakhale munthu, tala akhale wouma, n'kuyesanso. Mayi uja anabweranso, tsopano atasendera pafupi.

"Galimotoyi munaigula kuti, bambo?" anafunsa Rabia.

"Kwa mkulu wina wa ku Nchema," anayankha chapansipansi. "Anati chitseko chakumanzere n'chatsopano. Chifukwa chake sindinafunse."

A Yesaya anapempha Rabia kuti afufute zonse. Mpaka lero galimotoyo ili kuseri kwa nyumba yawo, yofunditsidwa lona.