Zilembo 80 za Injiniya

Mng'ono wanga anafika m'mawa ndikuchapa matewera, mlomo utang'ambika, diso lamanzere litatsekeka. Chala chimodzi chinali chitapindikira kumene chala sichipindikira.

"Mwamuna wako wakumenyanso?"

"Akufuna pini, achemwali. Akuti nditulutse ndalama m'foni."

Ine ndine mlembi wa gulu lathu losunga ndalama, amayi makumi awiri. Sukulu ndinalekeza panjira chifukwa cha mimba, koma kuwonkhetsa sindiphonya. Ndalama zimakhala m'bokosi la maloko atatu kwa msungichuma, mayi wamasiye wodwala miyendo, ndipo makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Kabuku kathu katanyowa ndi mvula, wokonza mafoni wa pamsika, amene timamutcha Injiniya, anatipangira apu, kapulogalamu ka pa foni, yolembera. Imangolemba kuti uje wasunga zakuti, uje wabwereka zakuti. Basi.

Mlamu wanga Aphiri, wowotcherera zitsulo, anaona m'foni ya mkazi wake chiwerengero cha zomwe wasunga chaka chino. Mng'ono wanga anamuuza kuti ndi zolemba chabe. Mlamuyo anatsegula sitolo ya pa foni ija yotengako ma apu, nawerenga mzere umene uli pansi pa dzina la apu yathu: "Banki yanu m'thumba! Sungani, tengani ndalama nthawi iliyonse pa foni." Atatero anavula lamba.

Ndinabereka mwana wanga kumbuyo, n'kumugwira mng'ono wanga padzanja labwinolo. Chipatala chili kuseri kwa msika, ndiye ndinati tidzere kaye kwa Injiniya.

Tinamupeza mu kontena yake ataweramira foni yotsegula, kautsi kakufuka. Ndinamenya kauntala ya galasi mpaka timasikuluwu tinadumpha.

"Taonani ntchito yanu, achimwene."

Anayang'ana nkhope ya mng'ono wanga, n'kuyika pansi kachitsulo kake kamoto. Nditamuwerengera mzere uja anayamba kukanda m'mutu.

"Mayi, amenewo ndi mawu oitanira anthu basi. Mukati, m'mafotokozedwe aataliwo, ndinalemba bwinobwino kuti apuyi sisunga ndalama."

"Ndani amafika m'kati? Inu mukagula mankhwala mumawerenga kapepala kaja?"

"Ukangolemba kuti kabuku, palibe amaitsitsa pa foni yake."

"Ndiye mwaitanadi anthu. Mwamuna wa uyu wabwera ndi lamba. Tsegulani."

Anatsegula laputopu n'kundionetsa kabokosi kolembamo mawu aafupiwo. Anati mumalowa zilembo 80 zokha, ndipo mpata wa pakati pa mawu nawonso amauwerenga ngati chilembo. Ndinamukankha pampando ndi chiuno, ndinayamba kulemba ndi chala chimodzi: "Apu iyi ndi yolembera chabe, ndalama zenizeni zimakhala m'bokosi kwa msungichuma wa gulu."

"Zapyola," anatero Injiniya, akuloza tinambala ta pansi pa kabokosi. "Dulani."

"Ndidule chiyani? Chilungamo chatalika?"

Ndili mkati mofunafuna mawu oti ndichotse, kunja kunamveka mayi wogulitsa nthochi akukuwa. Mlamu analowa atanyamula chitsulo chotalika ngati mkono, magalasi ake akuda owotcherera ali pachipumi.

"Ndinadziwa! Akuba nonse muli pamodzi."

Anagwetsa chitsulo pa kauntala. Galasi linaphulika, mafoni a eni ake n'kumwazika pansi. Mwana kumbuyo kwanga analira mokuwa. Injiniya anakweza manja kuti alankhule, chitsulo chinamupeza pachigongono, ndipo ndinamva fupa likulira ngati nkhuni youma. Anagwera pa makatoni.

Mlamu anagwira mng'ono wanga tsitsi n'kumugunditsa mutu kukhoma la kontena. Khoma lonse linalira.

"Pini!"

"Alamu, mulibe ndalama m'menemo!" ndinakuwa. "Olo mumuphe, simutulutsamo kanthu!"

"Iwe khala chete, mbuli yosatha sukulu. Zalembedwa poyera, ndawerenga ndekha. Ngati sizili m'foni, zili kuti?"

Anamusiya, natembenukira kwa ine. Laputopu inali yotsegula patsogolo panga, mawu anga ali mbee. Kwa msungichuma. Mayi uja amakhala yekha ndi mdzukulu wamkazi, chitseko chake n'chamatabwa ofumbwa, ndipo mlamu amadziwa nyumba yake chifukwa ndi amene anawotcherera zokolowekamo maloko za bokosilo. Ndinali nditamulembera ndekha njira.

"Ukulembapo chiyani apo? Tabweretsa."

Anatambasula dzanja n'kugwira pa mabatani kuti aikokere kwa iye. Ndinatseka chivundikiro ndi mphamvu zanga zonse, n'kuchitsamira ndi chifuwa. Zala zake zinatsalira m'kati. Anabangula, nandiwomba chibakera pakhutu ndi dzanja linalo, moti dziko linazungulira. Ndinagwa chammbali dala kuti ndisapsinje mwana. Anandiponda m'nthiti kamodzi, kawiri. Akukweza phazi kachitatu, dzanja langa linakhudza waya, ndinaukoka, kachitsulo kamoto ka Injiniya kanagwera pafupi nane. Ndinakagwira kuchigwiriro n'kukakanikiza pa katumba wa mwendo wake. Thalauza linanunkha, kenako nyama.

Anadumpha n'kugwera m'magalasi. Apo ndi pomwe anthu a pamsika analimba mtima. Wogulitsa nyama analowa ndi anzake awiri, anamukhalira pamsana n'kumumanga manja ndi chingwe cha katundu.

"Aphiri a zitsulo," anatero mayi wa nthochi ali pakhomo, "lero awotcherera inuyo."

Anamukoka kupita naye kupolisi, akutukwanabe kuti mkazi ndi wake, ndalama ndi zake.

Ndinamasula mwana n'kumufufuza thupi lonse. Analibe bala, mantha okha. Ndinamuyika kubere. Mng'ono wanga anakhala pansi atatsamira khoma, magazi akutsikira m'khosi, koma ankayankha ndikamuitana. Injiniya anali atakumbatira mkono wake, thukuta lili kamukamu.

"Tiyeni kuchipatala, mayi," anatero.

"Tipita. Tsegulani kaye ichi."

Galasi la laputopu linali litang'aluka pakona, koma inayaka. Ndinafufuta zonse ndinalemba zija. Khutu likulira, ndinaganiza zomwe mwamuna wolusa ayenera kumva, ndi zomwe sayenera kumva. Ndinalemba: "Kabuku ka gulu pa foni. Kamalemba zosunga ndi ngongole. Mulibe ndalama muno."

"76," anawerenga Injiniya. "Kwatsala zinayi."

"Zisungeni, mudzadye."

Anaseka pang'ono, n'kubuula chifukwa cha mkono. Anandiuza podina kuti zisungike, ndi penanso potumizira. Ndinatsegula sitolo ija pa foni yanga. Banki yanu m'thumba inali pomwepo.

"Bwanji sizinasinthe?"

"Amayamba aziona kaye eni sitolo. Mwina maola ochepa, mwina masiku."

"Masiku? Ndi magulu angati atsitsa apuyi?"

Anayang'ana pansi. "Asanu ndi anayi."

A magulu enawo sindiwadziwa, ngakhale amuna awo. Ndinamuuza kuti akangomumanga mkono andipatse manambala a alembi onse amene anadzera pa kontena pake. A gulu lathu ndinali nawo kale. Tikuyenda kupita kuchipatala, mng'ono wanga atandikolowekera paphewa, ndinayamba kuimbira amayi a gulu lathu mmodzimmodzi: foni isagone poyera, ndipo bambo akafunsa, abwere adzafunse ine. Wachitatu amene ndinamuimbira, foni inayankhidwa ndi mwamuna.